Fayilo ya README: Malangizo a Wobwera Kumene pa Ntchito

README ndi fayilo ya malangizo imene anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta amaiika pamwamba penipeni pa foda ya ntchito yawo. Imauza mnzawo wa m'gulu zimene ayenera kuchita kuti pulogalamuyo iyambe kugwira ntchito pa kompyuta yake, ngakhale kompyutayo itakhala yatsopano, yopanda kanthu. Masiku ano ambiri amaitchula `README.md`, chifukwa amailemba m'kalembedwe ka Markdown kamene John Gruber anayambitsa mu 2004. Pa GitHub, munthu akangotsegula tsamba la ntchito, fayilo imeneyi imaoneka yokha m'munsi mwa mndandanda wa mafayilo ena.

Vuto lalikulu la wolemba README ndi loti amadziwa zambiri. Pa kompyuta yake zinthu zonse anaziika kalekale, zina mpaka anaiwala kuti anaziikapo. Choncho akamalemba amadumpha mfundo zimene kwa iye n'zodziwikiratu, koma wobwera kumene amakakamira pomwepo. README yabwino imalembedwa poganizira munthu amene sanaionepo ntchitoyo, ndiponso amene alibe womufunsa pafupi.

Chitsanzo cha m'phunziro lino ndi kapulogalamu kotchedwa `kaundula`, kosunga mayina a mamembala a banki m'khonde ndi ndalama zimene aliyense wasonkha kapena kukongola. Kanalembedwa kuti kaziyendera pa Node.js, ndipo zonse zimene kalemba kamazisunga mu detabesi ya PostgreSQL. Anthu atatu akukakonza, ndipo wachinayi wangolowa kumene m'gululo.

Zofunika kukhala nazo

README imayamba ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena ntchito ya pulogalamuyo. Kenako imatchula zida zimene ziyenera kukhala kale pa kompyuta. Kwa `kaundula` zidazo ndi zitatu: Git, Node.js ndi PostgreSQL. Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa mafayilo, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 2005.

Kungotchula dzina la chida sikokwanira. Zida zimenezi zimatuluka m'mitundu yatsopano kawirikawiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Pulogalamu yolembedwera Node.js 20 ikhoza kukana kuyenda pa Node.js 14. Ndiye README iyenera kunena nambala yeniyeni, komanso kusonyeza mmene munthu angaonere nambala imene ali nayo. Amalemba lamulo ili pa teminolo, lomwe ndi windo lolembapo malamulo:

```
node --version
```

Yankho likayamba ndi `v20`, ndiye kuti zili bwino. Likakhala `command not found`, ndiye kuti Node.js palibe pa kompyutayo, kapena ilipo koma kompyuta sikudziwa pamene ili.

Kutenga mafayilo

Zida zikakwanira, wobwera kumene amakopera ntchito yonse kuchokera kumene gulu limaisunga, n'kulowa m'foda yake, kenako n'kukoka timapulogalamu tina timene `kaundula` amadalira.

```
git clone https://example.com/gulu/kaundula.git
cd kaundula
npm ci
```

Lamulo lachitatu ndilo lofunika kulimvetsa. Olemba mapulogalamu salemba chilichonse okha. Amabwereka zidutswa zimene ena analemba kale. Mayina a zidutswazo ali m'fayilo ya `package.json`, ndipo nambala yeniyeni ya chidutswa chilichonse ili mu `package-lock.json`. Lamulo la `npm ci` limatsatira fayilo yachiwiriyi ndendende, moti anthu onse anayi amakhala ndi zidutswa zofanana. Lamulo lina lodziwika kwambiri, `npm install`, nthawi zina limasintha fayiloyo, n'chifukwa chake magulu ambiri amasankha `npm ci` poyamba ntchito.

Zidutswazo zimagwera m'foda ya `node_modules`, imene imatha kukula kwambiri. Zonsezo zimabwera kudzera pa intaneti. Wolemba README woganizira anzake amachenjezeratu za zimenezi, kuti munthu asayambe ali ndi bandulo yotsala pang'ono n'kuthera panjira. Amanenanso kuti `npm ci` imayamba yafufuta foda ya `node_modules` isanaikonso zatsopano. Kubwerezabwereza lamuloli popanda chifukwa n'kutaya nthawi, mwinanso ndalama.

Kukonza zoikamo, ndi nkhani ya zinsinsi

Pulogalamu imodzimodziyo imafuna kuuzidwa zinthu zosiyana pa kompyuta zosiyana. Iyenera kudziwa kumene detabesi ili, dzina lolowera ndi mawu achinsinsi ake. Zimenezi sizilembedwa m'kati mwa pulogalamu. Zimaikidwa m'fayilo yapadera yotchedwa `.env`, imene aliyense amakhala ndi yakeyake. Gulu limangosunga fayilo yachitsanzo, `.env.example`, ndipo wobwera kumene amaikopera:

```
cp .env.example .env
```

M'kati mwake amapezamo mizere ngati iyi, n'kusintha dzina ndi mawu achinsinsi kuti zikhale zake:

```
PORT=3000
DATABASE_URL=postgres://dzina:chinsinsi@localhost:5432/kaundula
```

README iyenera kufotokoza mzere uliwonse: tanthauzo lake, ngati ndi wokakamiza, ndiponso amene angapereke zoyenera kulembapo. Apa `PORT` ndi nambala imene pulogalamu idzamverapo zopempha, ndipo 5432 ndi nambala imene PostgreSQL imagwiritsa ntchito ikakhala kuti sinasinthidwe.

Pamenepa ndi pamene pamafunika kusamala koposa pena paliponse. Mawu achinsinsi enieni salembedwa mu README, ndipo salembedwa mu `.env.example`. Fayilo ya `.env` isalowe mu Git ngakhale kamodzi. Pofuna kupewa zimenezi, dzina lake limalembedwa m'fayilo ya `.gitignore`, yomwe ndi mndandanda wa zinthu zimene Git iyenera kuzisiya. Anthu ambiri amaganiza kuti chinsinsi chikalowa mwangozi, kungochifufuta kwatha. Sizili choncho. Git imasunga mbiri, ndipo aliyense amene anakopera ntchitoyo akhoza kubwerera m'mbuyo n'kuwerenga mzere umene unafufutidwawo. Chinsinsi chikalowa mu Git, chiwerengedwe kuti chaululika, ndipo mankhwala ake ndi kuchisintha tsiku lomwelo.

Mu `kaundula` muli mayina a anthu ndi ngongole zawo. Mayi amene anakongola ndalama za feteleza sanavomere kuti aliyense azidziwa zimenezo. Pa chifukwa chomwechi, README isauze wobwera kumene kuti ayesere pa detabesi yeniyeni ya gulu, ngakhale kutero kukuoneka kofulumira. Aliyense akhale ndi detabesi yoyeserera pa kompyuta yake, yokhala ndi mayina ongopeka. Kulakwitsa kumodzi pa detabesi yeniyeni kukhoza kufufuta zosonkha za chaka chathunthu.

Detabesi yoyesererayo imapangidwa motere:

```
createdb kaundula
npm run migrate
```

Lamulo loyamba limapanga detabesi yopanda kanthu. Lachiwiri, limene gulu linadzikonzera lokha mu `package.json`, limajambula matebulo a mamembala ndi a ngongole m'katimo. Ili ndilo gawo limene olemba README amaiwala kawirikawiri, popeza iwo analichita kamodzi kokha pachiyambi.

Kumanga ndi kuyendetsa

Zimene anthu amalemba si nthawi zonse zimene kompyuta imayendetsa. Monga mmene chimanga chimayambira chapita kuchigayo chisanafike mumphika, mafayilo a `kaundula` amayamba asinthidwa kuti akhale oti Node.js ingawayendetse. Zochitika m'kati mwa kusinthako n'zambiri, koma wobwera kumene amangofunika malamulo awiri:

```
npm run build
npm start
```

Loyamba limatulutsa foda yatsopano yotchedwa `dist`. Lachiwiri limayendetsa zimene zili m'fodayo. README isalekere pamenepa. Inene chimene munthu ayenera kuona zonse zikayenda bwino: kuti atsegule burawuza, alembe `http://localhost:3000`, ndipo aone tsamba lolowera. Popanda chizindikiro chotere, munthu amangoyang'ana teminolo osadziwa ngati yamaliza kapena yaima. Inenenso kuti pulogalamuyo imaimitsidwa podina `Ctrl+C`.

Zikakanika

Gawo la mavuto limakula pang'onopang'ono, malinga ndi zimene anthu akumana nazo. Uthenga wa vuto ulembedwe monga mmene umaonekera pa sikirini, kuti munthu athe kuufufuza m'fayilomo. Ku `kaundula` mauthenga atatu ndiwo amabwera pafupipafupi.

Uthenga wa `ECONNREFUSED 127.0.0.1:5432` ukutanthauza kuti pulogalamu yafuna kulankhula ndi detabesi koma palibe wayankha. Nthawi zambiri PostgreSQL inaikidwa koma sinayatsidwe. Uthenga wa `EADDRINUSE` ukutanthauza kuti nambala 3000 yatengedwa kale ndi pulogalamu ina, kawirikawiri `kaundula` yemweyo amene anasiyidwa akuyenda pa windo lina. Munthu atseke windolo kapena asinthe `PORT` kukhala 3001. Uthenga wa `Cannot find module` ukatchula fayilo ya mu `dist`, ndiye kuti `npm run build` inadumphidwa. Ukatchula dzina la chidutswa chobwereka, ndiye kuti `npm ci` sinamalize.

Palinso kusiyana kwa makompyuta. Lamulo la `cp` limagwira pa Linux ndi pa macOS, koma pa windo lakale la malamulo la Windows munthu amalemba `copy`. Ngati m'gulu muli ogwiritsa ntchito Windows, README ilembe njira zonse ziwiri.

Kuyesa README

README siyesedwa ndi amene anailemba. Imaperekedwa kwa wobwera kumene, yemwe amaitsatira kuyambira pamwamba mpaka pansi pa kompyuta yake, osafunsa kanthu pakamwa. Akakakamira penapake, vuto lili mu README, osati mwa iye. Mwachitsanzo, akafika pa `npm run migrate` n'kuona uthenga wakuti detabesi ya `kaundula` kulibe, zikusonyeza kuti mzere wa `createdb` unaiwalika. Mnzake akamuthandiza, yankholo lisathere m'kamwa kapena m'mauthenga a pafoni. Lilembedwe mu README nthawi yomweyo, ndipo wolemba wake akhale wobwera kumeneyo, chifukwa ndiye akukumbukira bwino pamene panamuvuta.

Malangizo amakalamba pulogalamu ikamasintha. Gulu likasamuka kuchoka pa Node.js 20 kupita pa 22, kapena likawonjezera mzere watsopano mu `.env.example`, wosinthayo akonzenso README pa kusintha komweko, ndipo woona ntchito yake asaivomereze ngati malangizo atsalira m'mbuyo.