Anthu 60 pa 100 aku Dowa: anafunsidwa angati?

Tiyerekeze kuti pa gulu la WhatsApp la kalabu ya alimi ku Madisi pafika uthenga wa mzere umodzi: kafukufuku wapeza kuti anthu 60 pa 100 aliwonse ku Dowa sakufunanso ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo. Dzina la ochita kafukufukuyo palibe, chaka palibe. Wapampando aukhulupirira, ndipo mawa lake akauwerenga pamsonkhano kwa agulupu ngati maganizo a boma lonse la Dowa.

Musanachite ngati wapampandoyu, funsani kaye kuti anafunsidwa anthu angati.

Tione kafukufuku wodalirika ngati wa Afrobarometer, amene kuno amachitidwa ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Amafunsa akuluakulu 1,200 m'dziko lonse, osankhidwa mwa maere, ndipo zotsatira zake zimatha kuphonya ndi 3 pa 100, kukwera kapena kutsika. Malire amenewa ndi a dziko lonse, osati a boma limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo a ku Dowa anali pafupifupi 770,000. Choncho mwa 1,200 aja, gawo la Dowa ndi anthu ngati 50 basi. Popeza amafunsa anthu 8 pa dera lililonse losankhidwa, awa ndi madera 6 kapena 7 okha, ndipo n'kutheka kuti ku Madisi sanapondeko n'komwe.

Ndiye ngati uthenga uja unachokera ku kafukufuku wotere, 60 pa 100 uja ndi anthu 30 mwa 50. Pa gulu lochepa chonchi, kuphonya kumafika pa 14. Nambala yeniyeni ikhoza kukhala 74, ikhozanso kukhala 46, kutanthauza kuti mwina safika n'theka lomwe. N'chimodzimodzi kupisa dzanja m'thumba limodzi la soya n'kuyamba kutchula mtengo wa lole yonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi funso lenilenilo, chifukwa ndi limene limatayika msanga uthenga ukamadutsa m'mafoni. Mayi wa ku Madisi mukamufunsa ngati feteleza anafika pa nthawi yake, akhoza kuyankha kuti ayi, pokumbukira mzere wa pa depoti ndi chimanga chimene chinayamba chikasu akudikira. Mukamufunsa ngati ndondomekoyo ithe, mayi yemweyo akana kwamtuwagalu. Wolemba uthenga akatenga yankho loyambalo n'kulimasulira kuti "sakufunanso", wamunamizira mayiyo.

Kafunsidwe nakonso n'kofunika. Ngati anaimba mafoni, amene alibe foni kapena amakhala m'mapiri komwe netiweki imavuta sanamveke. Ndipo yankho la mu Febuluwale, m'nkhokwe mulibe kanthu, silifanana ndi la mu Juni anthu atakolola.

Mabungwe ngati Afrobarometer ndi IPOR amalemba m'malipoti awo chiwerengero cha ofunsidwa ndi masiku amene anafunsa. Muuzeni wotumiza uthenga uja akupatseni lipotilo. Akalephera, uthengawo usakawerengedwe kwa agulupu.