Dashibodi ya Pafoni: Tumizani Yankho, Osati Kaundula Yense

Tiyerekeze kuti mukukonzera msungichuma wa sukulu dashibodi, tsamba loonetsa mwachidule mmene fizi ikulowera. Kaundula ali ndi mizere 2,000, uliwonse wa mabaiti 100. Foni ikamakoka kaundula yense n'kuwonkhetsa yokha, makilobaiti 200 amapita nthawi iliyonse. Kutsegula kawiri patsiku kwa masiku 30 kumadya mamegabaiti 12 a bandulo.

M'malo mwake, seva iziwonkhetsa n'kutumiza manambala atatu okha: ndalama zolowa, zotsala, ndi chiwerengero cha amene sanalipire. Zimenezi sizikwana ngakhale kilobaiti imodzi. Manambalawo muwasanje motsika, chifukwa sikirini ya foni ndi yopapatiza. Muonetsenso nthawi imene anawerengedwa, kuti netiweki ikavuta, msungichuma asatenge zadzulo ngati zalero.