Mafunso ndi mayankho: Kodi pa Bio ya Instagram ndilembepo chiyani kuti anthu azigula?

MUULUTSI: Alangizi athu a zamalonda a pa intaneti afika kale muno. Mayi, kalata yoyamba yachokera ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, ndipo ikuti: “Ine ndimaphika makeke. Anthu onditsatira pa Instagram ndi ambiri ndithu, zithunzi amazikonda, koma oda amabwera mwa apo ndi apo. Pa Bio yanga ndinalembapo kuti ndine mwana wa Mulungu, mayi wa ana atatu, wolimbikira ntchito. Kodi ndikulakwitsa pati?”

MLANGIZI: Zikomo mayi a ku Kawale. Zonse mwalembazo ndi zoona ndipo ndi zolemekezeka, koma taganizirani za munthu amene wafika patsamba lanu koyamba. Mwina ndi mtsikana amene chinkhoswe chake chili Loweruka likudzali. Waona chithunzi cha keke, wadina dzina lanu, ndipo maso ake agwera pa timizere tili pansi pa dzinalo. Iye akufuna adziwe ngati makekewo ndi ogulitsa kapena mumangophikira banja lanu, ngati muli ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, komanso achite chiyani kuti aode. Pa zitatu zimenezi Bio yanu sinamuyankhe ngakhale chimodzi. Ndiye amabwerera, nakafunsa kwina.

Bio ili ngati chikwangwani cha pakhomo pa sitolo. Malo ake ndi ochepa: Instagram imalola zilembo 150 zokha, ndipo powerenga imaphatikiza mipata ya pakati pa mawu, zizindikiro ndi tizithunzi tija ta mitima ndi maluwa. Chichewa chathu chili ndi mawu aatali. Liwu loti “timabweretsa” palokha ladya kale zilembo 12. Choncho liwu lililonse lomwe mwaika liyenera kukhala ndi ntchito yake.

Tengani cholembera, tilembere limodzi. Tigawe mizere itatu. Woyamba unene chomwe mukugulitsa, wachiwiri unene komwe muli ndi komwe mumafika, wachitatu unene kaodedwe kake.

```
Makeke a ukwati, chinkhoswe ndi tsiku lobadwa
Tili ku Kawale, timabweretsa mu Lilongwe monse
Odani kutatsala masiku 3, dinani linki pansipa
```

Zonsezi sizikukwana zilembo 140. Mzere woyambawo ukugwira ntchito ziwiri pakamodzi, chifukwa potchula ukwati, chinkhoswe ndi tsiku lobadwa mwanenanso amene mukuwaphikira. Ndasiya dala mawu oti “okoma” kapena “apamwamba”. Aliyense wophika amanena choncho, ndipo kukongola kwa keke kukuoneka kale pazithunzi. Koma za masiku atatu musazichotse. Ngati mumafuna sabata yathunthu lembani sabata, bola chikhale choona. Mzere umenewo ndi umene udzakupulumutseni ku mafoni a usiku a anthu ofuna keke ya m’mawa mwake, omwe mukawakaniza amakhumudwa nanu ngati munawalonjeza.

Za chikhulupiriro chanu ndi ana anu musazitaye, mayi. Muziike m’mapositi, kumene kuli malo okwanira kuti muzifotokoze bwino.

MUULUTSI: Koma mayi, pamwamba pa Bio pamakhalanso malo a dzina. Pamenepo munthu azilembapo dzina lake lenileni?

MLANGIZI: Funso limenelo ndi lofunika, chifukwa ambiri malo amenewo amawawononga. Mukalowa pa `Edit profile` mupeza malo awiri osiyana, `Username` ndi `Name`. `Username` ndi dzina lija loyamba ndi chizindikiro cha @, silipitirira zilembo 30 ndipo silikhala ndi mipata. `Name` ndi malo ena, ndipo zomwe mwalembapo sizichotsera pa zilembo 150 zija. Ubwino wake waukulu ndi wakuti munthu akamafufuza pa Instagram, mawu a pa `Name` amathandiza kuti tsamba lanu lipezeke. Munthu wosakudziwani safufuza dzina lanu lakubatizo. Amalemba chinthu chomwe akufuna ndi dera lomwe ali. Ndiye pambuyo pa dzina la bizinesi yanu, onjezerani mawu omwe ogula amalemba akamafufuza. Ambiri a m’tauni amalemba m’Chingerezi, choncho mayi aja angaike `Cakes Lilongwe` pamenepo, Chichewa nkuchisungira pa Bio. Ingochenjerani kuti Instagram imalola kusintha `Name` kawiri kokha m’masiku 14, ndiye yambani mwalemba papepala musanayambe kuyeserayesera.

Chinanso, pali zilembo zopindikapindika zija achinyamata amakopera pa masamba ena kuti dzina lioneke lokongola. Zisiyeni. Mafoni ena amazionetsa ngati timabokosi, pofufuza sizigwirizana ndi zomwe munthu walemba, ndipo anzathu osaona omwe foni imawawerengera mokweza amavutika nazo.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri yachokera kwa achimwene a ku Limbe. Akuti: “Ndimagulitsa nsapato za kaunjika, komanso nthawi zina mafuta onunkhira ndi mpunga wa Kilombero. Ndinalemba kuti timagulitsa zinthu zosiyanasiyana kwa aliyense. Anzanga akuti ndisankhe chimodzi, koma ndikuopa kuthamangitsa makasitomala ena.”

MLANGIZI: Achimwene, mantha anuwo ndikuwamva, ndipo amalonda ambiri ali nawo. Koma tawerengani mawu anuwo ngati ndinu mlendo. “Zinthu zosiyanasiyana” zingakhale matayala, zingakhale mankhwala a tsitsi. Wofuna nsapato sakuona liwu loti nsapato, wofuna mpunga sakuona liwu loti mpunga. Pofuna kusunga aliyense, palibe amene mwamuitana.

Tsegulani kope lanu la malonda muone chomwe chakubweretserani ndalama zambiri miyezi itatu yapitayi. Ndikuganiza kuti ndi nsapato, poti ndi zimene mwayamba kutchula. Zimenezo zikhale pa Bio. Mpunga ndi mafutawo muziwaika pa `Stories` akapezeka, ndipo ngati mpunga ukula nkukhala bizinesi payokha, mudzautsegulire tsamba lake.

Tsopano pa nkhani ya amene mukuwagulitsa. Simufunika kulemba kuti “za anthu akuti”. Pa kaunjika, wogula amadziwa ngati katundu ndi wake pomva zinthu zitatu: ndi za amuna, akazi kapena ana, masaizi ake ndi ati, ndipo mumagulitsa peyala imodzi kapena mumapikulitsa. Chachitatuchi anthu amachiiwala kwambiri. Mayi wa ku Mulanje wofuna kupikula mapeyala makumi awiri kuti akagulitse pa tsiku la msika, ndi mnyamata wa ku Chilomoni wofuna peyala imodzi yovala ku ofesi, ndi makasitomala awiri osiyana, ndipo aliyense akufuna adziwe msanga ngati wafika poyenera. Mwachitsanzo:

```
Nsapato za kaunjika za amuna, saizi 40-45
Peyala imodzi kapena kupikula
Limbe, timatumiza pa basi m'maboma onse
Tumizani saizi yanu pa WhatsApp
```

Mzere womalizawo ndimaukonda chifukwa ukumuuza munthu choyamba kulemba. Popanda umenewo mumalandira “bho” kapena “muli bwanji”, inu nkuyankha, iye nkufunsa ngati zilipo, inu nkufunsa saizi, mpaka dzuwa kulowa musanagulitse kanthu. Koma zotumiza m’maboma onse mulembe pokhapokha ngati mumachitadi. Ngati mumafika Zomba ndi Lilongwe basi, tchulani komweko.

MUULUTSI: Achemwali ena a ku Mzuzu, omwe amasoka madiresi a zitenje, akudandaula kuti anaika linki ya WhatsApp koma anthu akuwauza kuti sikugwira.

MLANGIZI: Pamenepa kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa awiri. Loyamba ndi malo. Linki ikalembedwa m’kati mwa Bio momwe sidinika, imangokhala mawu wamba. M’kati mwa Bio zomwe zimadinika ndi dzina loyamba ndi @ ndi liwu loyamba ndi # basi. Linki ili ndi malo ake: pitani pa `Edit profile`, kenako `Links`, kenako `Add external link`. Kuyambira mu 2023 Instagram imalola malinki mpaka asanu, koma yoyamba ndi imene imaonekera poyera, choncho ya oda ikhale pamwamba.

Vuto lachiwiri ndi kalembedwe ka nambala. Linki ya WhatsApp imafuna nambala yoyamba ndi khodi ya dziko, yomwe kwathu kuno ndi 265, popanda chizindikiro cha +, popanda mipata, ndiponso popanda ziro uja wakumayambiriro.

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Pomwe pali ma X pamenepo ikani manambala anu asanu ndi anayi otsala mutachotsa ziro. Ngati nambala yanu ndi ya Airtel yoyamba ndi 099, mulemba 26599 nkupitiriza. Ngati ndi ya TNM yoyamba ndi 088, mulemba 26588. Ambiri amasiya ziro uja pakati, ndiye wodina amauzidwa kuti nambalayo ndi yolakwika. Mukamaliza, bwerekani foni ya mnzanu, mufufuze tsamba lanu, mudine linkiyo muone ngati ikutsegula macheza ndi inu. Musayesere pa foni yanu yokha.

Pali chinthu chinanso choti muonetsetse, achemwali. Ngati tsamba lanu ndi lotseka, lija loti munthu ayambe wapempha kuti aone zithunzi, mlendo angawerenge Bio koma madiresi sawaona. Litseguleni, ndipo sankhani `Switch to professional account`. Ndi zaulere. Mukatero mumapeza `Contact options`, pomwe mungaike batani la WhatsApp kapena loimbira foni, osataya zilembo polemba nambala pa Bio.

MUULUTSI: Uthenga wina wafika pa lamya pompano. Akufunsa ngati aike mitengo ndi nambala yolipirira pa Bio pomwepo.

MLANGIZI: Mndandanda wa mitengo sungakwane pamenepo, ndipo ufa, shuga ndi nsalu zikakwera mudzaiwala kusintha, nkuyamba kukangana ndi kasitomala amene wawerenga mtengo wakale. Mitengo ikani pa `Highlights`, timagulu tozungulira tija ta pansi pa Bio, kamodzi mukatche “Mitengo”. Ngati malo atsala, mtengo umodzi woyambira ungathandize, monga “kuyambira pa mwakuti”, kuti amene sangakwanitse adziwiretu.

Pa zolipira, kulemba kuti mumalandira Airtel Money, Mpamba kapena kubanki nkwabwino, makamaka ngati mumafuna kuti munthu apereke theka musanayambe ntchito. Koma nambala yolipirira muzipereka pa WhatsApp mutagwirizana za katundu ndi mtengo, ndipo muzimuuza wogula dzina lomwe lituluke akamatumiza ndalama. Mukaiika poyera, ena amatumiza ndalama musanatsimikize kuti katunduyo alipo, ndipo kubweza kwake kumadya ndalama zotumizira ndi nthawi yanu.

MUULUTSI: Nthawi yatithera. Makalata a ku Kasungu ndi ku Chipata okhudza kujambula katundu ndi foni tidzawawerenga sabata yamawa.