Malamulo pa Wailesi: Mafunso asanu oyesera kontirakiti

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera ku Zomba, kwa mtsikana wophunzira zamalamulo. Akuti aphunzitsi analankhula maola atatu za kapangidwe ka kontirakiti, iye wadzaza kope lonse, koma m'mutu mulibe kanthu. Afupikitse bwanji, a loya?

LOYA: Mwanangu, tseka kopelo, tambasula dzanja. Zala zisanu, mafunso asanu. Kodi wina anatsatsa momveka, zija m'kalasi mumati ofa? Kodi mnzake anavomera? Kodi aliyense anapereka kapena kulonjeza kanthu, ija konsidareshoni? Kodi ankafuna kuti lamulo liwamange? Kodi onse anali oyenera kupangana, osati mwana kapena wosokonezeka mutu? Pansi pa funso lililonse lemba mlandu umodzi ndi malo amodzi pamene lamulolo limakhota. Tsamba limodzi likwana. Milanduyi ndi ya ku Mangalande chifukwa malamulo athu a kontirakiti anachokera kumeneko.

MUULUTSI: Bambo wina wa ku Mzuzu anapeza wailesi m'sitolo italembedwa mtengo wotsika, wogulitsa n'kukana kuti alembi analakwitsa. Akasume?

LOYA: Musataye ndalama ya basi, bambo. Katundu wa pashelefu amangokuitanani. Wotsatsa ndinu, pamene mwafika naye polipirira, ndipo mwini sitolo akhoza kukana. Khoti linatero pa mlandu wa Boots mu 1953. Ophunzira, pokhota pake ndi mlandu wa Carlill wa 1893. Kampani inalengeza m'nyuzipepala kuti ipereka mapaundi 100 kwa aliyense wodwala chimfine atagwiritsa ntchito mankhwala ake monga mwa malangizo, n'kunenanso kuti yasungitsa mapaundi 1,000 kubanki. Pamenepo kulengeza kunasanduka lonjezo, ndipo mayi Carlill anapambana.

MUULUTSI: Iyi ndi ya mayi wa ku Kasungu. Mnansi wawo ankagulitsa ngolo pa K400,000. Iwo anati apereka K350,000, iye anakana. Mawa lake anabwera ndi K400,000 yonse, koma mwini wake akuti sagulitsanso.

LOYA: Ehe! Apa ndiye ndikhalitsa, chifukwa sabata ndi sabata ndimanena zomwezi. Mayi, kunenerera si kuvomera. Mutangotchula K350,000, mtengo woyamba uja unafa, ndipo wotsatsa munasanduka inuyo. Pobwerera ndi K400,000 munali kutsatsa kachiwiri, mnansiyo ali ndi ufulu wokana. Zinachitika chimodzimodzi mu 1840 pa mlandu wa Hyde ndi Wrench. Wrench ankagulitsa famu pa mapaundi 1,000, Hyde anati 950, Wrench anakana. Hyde atati chabwino ndilipira yonse, khoti linati palibe pangano.

Koma mvetsetsani, mukanangofunsa kuti, "Kodi mungalole ndilipire kawiri?", kumeneko n'kufunsa chabe, mtengo woyamba ukanakhalabe wamoyo. Pamayeso ana ambiri amagwera pomwepa. Amaloweza dzina la mlandu ndi chaka chake, koma ukawafunsa kuti ananena chiyani ndani, amayang'ana kudenga. Lowezani nkhani yake, dzina lidzatsata lokha.

Ndiye pali anthu ena aja olembera anzawo uthenga pafoni kuti, "Ndikapanda kumva kanthu pofika Lachisanu, ndiye kuti ng'ombeyo ndi yanga." Ayi! Simungamange mnzanu ndi kukhala chete kwake. Mu 1862 Felthouse analembera mphwake mawu otere pa nkhani ya hatchi. Mphwakeyo sanayankhe, hatchi inagulitsidwa pa okushoni, ndipo khoti linati sinali ya Felthouse. Kuvomera kuyenera kumufika wotsatsa. Pokhota pake ndi kalata ya papositi: kuchokera pa mlandu wa Adams ndi Lindsell wa 1818, ngati kuyankha papositi kunali koyenera, pangano limabadwa kalata ikangoponyedwa, ngakhale ichedwe panjira. Musatengere lamulo limeneli pafoni, pamenepo mnzanu ayenera kumva mawu anu.

Ndipo anthuni, mukapangana, lembani. Pangano lapakamwa nthawi zambiri limagwira ntchito, koma kukhoti mudzaonetsa chiyani? Tsiku, mtengo, katundu, mayina ndi mboni. Za malo ndiye musayerekeze n'komwe popanda pepala.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma yomaliza mwachidule. Mnyamata wina anakonza denga la malume ake mwa kufuna kwake. Pambuyo pake malumewo analonjeza K50,000, mpaka lero zii.

LOYA: Pepa, mnyamata, zala ziwiri zakukana. Ntchito imene unagwira lonjezo lisanaperekedwe siwerengedwa ngati chosinthana, pokhapokha akanakutuma okha, nonse mukudziwa kuti padzakhala malipiro. Komanso khoti limayamba ndi kuganiza kuti achibale polonjezana safuna kumangana mwalamulo, monga pa mlandu wa Balfour wa 1919. Pita ukawakumbutse malume mwaulemu. Denga likadzadonthanso, mudzayambe mwagwirizana mtengo usanakwere makwerero.