Foni yadzaza, koma muli mawu a mayi anga

FUNSO

Zakhali, mayi anga anatisiya chaka chatha nthawi yokolola. Foni yanga ndi ya Android, ya 32 GB, ndipo tsiku lililonse ikumandiuza kuti yadzaza, moti notsi za kukoleji sizikulowanso. Mu WhatsApp muli mavoyisi a mayi oposa 200 ndi zithunzi zambirimbiri. Ena ndi ongofunsa ngati ndadya, ena akundikalipira za ndalama, ena anajambula ali kuchipatala mawu atatheratu. Ndikati ndifufute, chala chimakana. Achimwene akuti ndingofufuta zonse kuti mtima ukhale pansi. Ndisiye ziti?

Wothedwa nzeru, Zomba

YANKHO

Pepa mwanangu, Mulungu akutonthoze. Koma mavoyisiwo usawakhudze, chifukwa si amene adzaza foni. Voyisi ya mphindi imodzi siifika ngakhale theka la MB imodzi. Ngati onse 200 ali a mphindi imodziimodzi, pamodzi sakwana 100 MB, pamene foni yako ndi ya 32 GB, kutanthauza pafupifupi 32,000 MB. Ukhoza kuwafufuta onse, kulira usiku wonse, mawa foni n'kukuuzanso kuti yadzaza.

Amene akudya malo ndi mavidiyo. Tsegula WhatsApp, upite pa Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Pamenepo upeza zinthu zolembedwa kuti Larger than 5 MB ndi Forwarded many times, komanso mndandanda wa macheza kuyambira olemera kwambiri. Ndikhulupirira kuti pamwamba sipakhala mayi ako. Pakhala gulu la kalasi, la kwaya, ndi lija la anthu otumiza nthabwala m'bandakucha. Yambira kumeneko. Ngakhale m'macheza a mayi momwemo, maluwa olembedwa mawu odzutsa ndi maulaliki amene ankangopatsira si zawo, zikupezeka m'mafoni a aliyense. Zimenezo fufuta mtima uli m'malo.

Usanapitirire pamenepo, kopera zonse pena. Lumikiza foni ku kompyuta ndi kebulo, ulowe mu foda iyi:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

M'mafoni akale imangokhala `WhatsApp/Media`. M'katimo muli `WhatsApp Voice Notes` ndi `WhatsApp Images`. Kopera mafoda onse awiri pa fulashi, ndipo uikenso pa Google Drive, kumene akaunti iliyonse ili ndi 15 GB yaulere. Fulashi imatayika, memori khadi imafa osatsanzika, n'chifukwa chake ndikuti malo awiri. Mavoyisi amakhala ndi dzina lothera ndi `.opus`, ndipo VLC imawasewera. Tsegula angapo pa kompyutapo uwamve ndi makutu ako. Ukapanda kuwamva, usawerengere kuti wasunga. Vuto la njirayi n'lakuti mavoyisi a anthu onse amasakanikirana, maina ake ndi madeti okha. Kuti a mayi akhale paokha, tsegula macheza awo, dina timadontho titatu, More, Export chat, Include media. Macheza akakhala aatali njirayi imasiya zakale zina, choncho chita zonse ziwiri.

Chenjeranso ndi Google Photos. Ukafufuta chithunzi m'menemo, chimachoka mu foni ndi pa intaneti pomwe. Chochotsa mu foni mokha ndi Free up space, ndipo chimangochotsa zimene zakwera kale.

Tsopano zoti zikhale pafupi nawe. Amasiye ambiri amasunga uthenga wa tsiku lobadwa ndi chithunzi cha yunifomu ya Mvano, n'kutaya timawu ta masekondi khumi: wafika, wadya, nyemba zija ubwere nazo. Ine ndimaona kuti n'timeneti timasowa kwambiri pambuyo pake, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mayi wa tsiku ndi tsiku, tambala akulira kumbuyo, iwo akuitana mwana wina pakati pa chiganizo. Okukalipirawo asiyenso. Lero akubaya, koma mwana wako akadzafunsa kuti agogo anali otani, kukalipa kwawoko ndi mbali ya yankho. Zithunzi zobwerezabwereza, zisanu zojambulidwa pa khonde limodzi, sankhapo chimodzi kapena ziwiri, ndipo usasankhe chowala bwino chokha. Chimene akuseka maso atatsinzina chikhoza kukhala chofanana nawo kuposa zonse.

Za kuchipatala ndi za pamaliro ndi nkhani ina. Ngati zimakudzidzimutsa ukamafuna chithunzi china, zichotse mu foni zikakhale pa fulashi. Palibe akukukakamiza kuziona, komanso palibe chifukwa chozitheratu chaka chino. Si zako wekha: achimwene amene akuti fufuta lero akhoza kudzazifuna, ndiye uwauze kumene zili.

Chofunika changu ndi nambala ya mayi. WhatsApp imatseka akaunti ikakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa, ndipo makampani a foni amadzapereka nambala yogona kwa munthu wina. Zimene unatsitsa kale mu foni yako sizichoka, koma tsiku lina pa dzina la mayi pakhoza kutuluka nkhope yachilendo. Usadzatumizeko uthenga wa pamtima. Ngati foni yawo ikadalipo kumudzi, ukapite ndi fulashi yomweyo munthu asanaifufute n'kuyamba kuigwiritsa ntchito, ndipo upemphe amalume ako ndi anzawo a mayi a kutchalitchi akutumizire mavoyisi amene mayi ankawatumizira.

Zakhali