Za Kuyesa Munda wa Ngodya Zitatu

Amene anayendapo m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga ya Satemwa imene inayamba m'chaka cha 1923, adziwa kuti minda yambiri kumeneko siili ya ngodya zinayi. Msewu ukhota, mtsinje udula pakati, ndipo pamatsala chigawo cha ngodya zitatu. Minda ya alimi a m'midzi yoyandikana nayo itero momwemo. Tsono munthu wofuna kugula mbande za tiyi ayenera kuyamba wadziwa kukula kwa malo ake, pakuti wogula mongoganizira ataya ndalama.

Kusukulu tinaphunzira kuti kukula kwa malo a ngodya zitatu ndiko theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Lamulolo ndi loona, koma m'munda msinkhu uvuta kuupeza, popeza uyenera kuimirira chilili pa tsinde, ndipo chingwe chake chidutsa pakati pa tchire kapena pa zitsamba. M'malire ndimo muyendeka bwino. Chifukwa chake tiyesa malire awiri ndi ngodya imene ili pakati pawo, ndipo msinkhu tiupeza ndi masamu.

Chotithandiza ndicho nambala yotchedwa saini, imene pa makina owerengera ilembedwa sin. Ngodya iliyonse ili ndi saini wake. Tanthauzo lake ndi ili: mukayenda mita imodzi potsata malire achiwiri, saini akuuzani kuti mwatalikirana motani ndi malire oyamba. Saini wa madigiri 30 ndiye 0.5, ndiko kunena kuti pa mita iliyonse mutalikira theka la mita. Potero msinkhu ndiwo utali wa malire achiwiri kuchulukitsa ndi saini, ndipo lamulo lonse lilembedwa motere:

½ × a × b × sin C

Zilembo a ndi b ndiwo malire awiri aja, C ndiyo ngodya pamene akomana.

Tiyerekeze munda umene malire ake a kumsewu ali mamita 80, a kumzere wa mabulugamu ali mamita 60. Pa ngodya tiika thabwa logona bwino, pepala pamwamba pake. Tiyang'ana ku chikhomo cha kumapeto kwa malire alionse, ndi kulemba mizere iwiri yochokera pa kadontho kamodzi. Mwana wa sukulu atibwereka choyesera ngodya cha m'bokosi lake la masamu, ndipo tipeza madigiri 50. Saini wa madigiri 50 ndiye 0.766. Msinkhu tsono ndiwo 60 kuchulukitsa ndi 0.766, ndiwo pafupifupi mamita 46, chinkana sitinaponde m'kati mwa munda. Theka la 80 ndilo 40; 40 kuchulukitsa ndi 60 ndi 2,400; ndipo 2,400 kuchulukitsa ndi 0.766 itipatsa masikweyamita 1,838. Popeza ekala ili ndi masikweyamita 4,047, mundawu uperewera pang'ono pa theka la ekala.

Taonani tsono chimene chigwera munthu woiwala saini, amene aimira pa 2,400. Tinene kuti mizere italikirana mamita 1.2, ndi mbande mu mzere mamita 0.6, mbande imodzi idya malo a masikweyamita 0.72. Munda weniweni ufuna mbande ngati 2,553, koma iyeyo adzagula 3,333. Mbande 780 zidzasowa pokhala, ndipo feteleza adzamuwerengeranso pa nthaka imene kulibe.

Chenjerani ndi ngodya. Iyenera kukhala yomweyo imene malire awiri oyesedwa aja akomanapo; mukatenga ya kumapeto ena, yankho lidzaoneka lokoma koma lili labodza. Ngodya yotambasuka yoposa madigiri 90 isakuopseni: saini wa 130 alingana ndi wa 50, pakuti ziwirizi pamodzi zikwana 180. Koma ngodya yopapatiza ifuna maso. Saini wa 20 ndiye 0.342, wa 21 ndiye 0.358, kuphonya digiri imodzi yokha kusintha munda ndi magawo pafupifupi asanu pa 100, pamene pa ngodya ya 80 kusinthako sikufika ngakhale theka la gawo limodzi. Munda ukakhala wosongoka chotero, nkwabwino kuyesera pa ngodya ina yotakasuka ndi malire ake awiri.

Makina nawonso ali ndi msampha. Musanayambe, funsani saini wa 30. Akapanda kuyankha 0.5, ndiye kuti sali pa DEG, ndipo muyambe mwawakonza.

Kwatsala za chitunda, pakuti dziko la Thyolo ndi la mapiri. Kukula kolembedwa pa mapu ndi m'makalata a malo ndiko kwa nthaka yoyesedwa ngati yathyathyathya. Chingwe chogonekedwa potsetsereka chionjeza utali. Tsono pamalo otere tiyesa pang'onopang'ono, mamita asanu kapena khumi: mmodzi agwira chingwe pansi kumtunda, mnzake wa kumunsi achikweza kufikira chitalingana, nagwetsa kamwala kuchokera kunsonga yake, ndipo pamene kagwerapo ndipo poyambira muyeso wotsatira.