Malangizo: Nambala yanu ikatsekedwa chifukwa chosaigwiritsa ntchito

Mayi wina watifunsa kuti atani, pakuti atabwerako ku Joni anapeza simu khadi yake itatsekedwa, chonsecho anailembetsa ndi chiphaso chake.

Mayi, fulumirani. Nambala ikakhala miyezi ingapo osaimba kapena kulowetsa mayunitsi, kampani imaitseka, kenako imadzaigulitsa kwa munthu wina. Ikafika pamenepo, kuibweza n'kovuta kwambiri.

Lembani kalata kwa mkulu woona za makasitomala. Muyambe ndi nambalayo, dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndi mwezi womwe munaigwiritsa ntchito komaliza. Chifukwa chake chitchuleni mwachidule: munali kunja. Onjezani manambala omwe munkaimbira kawirikawiri, poti ndiwo amathandiza kutsimikiza kuti mwini wake ndinudi. Ngati munali ndi ndalama mu Mpamba kapena Airtel Money, pemphani kuti zitetezedwe, koma nambala yachinsinsi musalembemo ayi.

Kalatayo kaperekeni nokha ku ofesi, chiphaso ndi simu yakaleyo zili m'manja. Kope lina akudindireni, mulisunge. Akapanda kukuyankhani, kadandauleni ku MACRA mutatenga kopelo.